Kuwerengera Mtengo wa Mbewu Yotsala Pamapeto a Mwezi Umene Mitengo Yakwera

Mu Novembala 2023, Banki Yaikulu ya Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, pa nthawi imene alimi amakhala pa kalikiliki wogula mbewu poyembekezera mvula yoyamba. Mwezi wotere umasiya ogulitsa zipangizo za ulimi ndi funso limene silipezeka mitengo ikakhala yokhazikika. Pashelefu patsala mapaketi ofanana mtundu ndi kulemera, koma anapikulidwa pa mitengo itatu kapena inayi yosiyana. Kodi katundu wotsalayo timulemba pa mtengo uti? Yankho lake ndi limene limasonyeza kukula kwa phindu la mweziwo, ndipo phindulo ndi limene mwini sitolo amayang'ana poganiza za ndalama zimene angachotse m'bizinesi.

Njira imene tikufotokoza pano imatsata lamulo lakuti choyamba kulowa ndicho choyamba kutuluka. Akatswiri a mabuku a ndalama amaitchula mwachidule kuti faifo. Tanthauzo lake n'lakuti paketi iliyonse ikagulitsidwa, timaiwerengera pa mtengo wa mapaketi akale kwambiri amene akadalipo m'buku. Akalewo akatha, timasunthira pa oda yotsatira. Motero zimene zatsala pamapeto a mwezi timaziona ngati zochokera m'maoda omalizira. Choncho pofuna mtengo wa katundu wotsala, timayambira pa invoisi yatsopano kwambiri n'kumabwerera m'mbuyo kufikira chiwerengero cha mapaketi otsala chitakwana.

Chitsanzo cha mwezi umodzi

Titenge sitolo yongoyerekezera imene ikugulitsa mbewu ya chimanga cha haibulidi ya mtundu umodzi, m'mapaketi a makilogalamu awiri. Mitengoyi taiika pofuna kuphunzirirapo chabe, ndipo kawerengedwe kake sikasintha ngakhale ndalama zitakhala kwacha ya ku Zambia kapena metikali ya ku Mozambiki. Buku la katundu la mwezi wa Novembala likusonyeza izi:

Pa 1 Novembala, otsala a mwezi watha: mapaketi 100 pa K8,000, pamodzi K800,000
Pa 8 Novembala, oda yoyamba: mapaketi 200 pa K9,000, pamodzi K1,800,000
Pa 19 Novembala, oda yachiwiri: mapaketi 150 pa K10,500, pamodzi K1,575,000
Pa 27 Novembala, oda yachitatu: mapaketi 50 pa K11,000, pamodzi K550,000

Mapaketi onse amene analipo ogulitsa m'mweziwo ndi 500, ndipo ndalama zimene zinalowa pa iwo ndi K4,725,000.

Mtengo wa paketi umene talemba apa ukuposa umene uli pa invoisi, chifukwa taphatikizapo ndalama zonyamulira katundu kufika nayo pasitolo. Mwachitsanzo, pa oda ya pa 27 kampani inalipiritsa K10,600 pa paketi, ndipo galimoto yonyamula inalandira K20,000. Tikagawa K20,000 pa mapaketi 50 tipeza K400, n'chifukwa chake paketi yafika pa K11,000. Kampani ikatitsitsira mtengo chifukwa chooda zambiri, ndalama imeneyo timaichotsa. Koma lendi ya sitolo ndi malipiro a wogulitsa pakauntala sizilowa pa mtengo wa paketi, zili ndi malo ake ena m'buku.

Madzulo a pa 30 Novembala tawerenga mapaketi mmodzimmodzi, pashelefu ndi m'chipinda chosungira, ndipo tapeza 130. Tsopano tiyambire pa oda yomaliza. Oda ya pa 27 inali ndi mapaketi 50 okha, choncho onsewo timawatenga pa K11,000, zimene zikupereka K550,000. Kuti tikwanitse 130 patsala mapaketi 80, ndipo amenewa timawatenga pa oda ya pa 19, pa K10,500, zimene zikupereka K840,000. Chiwerengero chakwana, kotero sitifikanso pa oda ya pa 8. Katundu wotsala ndi wa K550,000 kuphatikiza K840,000, yomwe ndi K1,390,000.

Mtengo wa katundu amene watuluka timaupeza pochotsa K1,390,000 pa K4,725,000, ndipo yankho ndi K3,335,000. Tingatsimikize yankholi powerengera kuchokera kumayambiriro a mwezi. Mapaketi amene atuluka ndi 370. Oyamba 100 ndi a K800,000, otsatira 200 ndi a K1,800,000, ndipo 70 omalizira achokera pa oda ya pa 19, pa K10,500, yomwe ndi K735,000. Tikaphatikiza tipezanso K3,335,000. Manambala awiriwa akasiyana, tidziwe kuti penapake paphonyeka.

Pamene ambiri amapunthwa

Cholakwa chofala ndicho kuchulukitsa mapaketi onse otsala ndi mtengo wa oda yomaliza. Mapaketi 130 pa K11,000 ndi K1,430,000, imene yaposa mtengo woona ndi K40,000. Pa mtengo umenewo tinagulapo mapaketi 50 okha, choncho sitingalembepo oposa 50. Ena amagwiritsa ntchito mtengo wa kumayambiriro kwa mwezi chifukwa ndi umene auzolowera. Mapaketi 130 pa K8,000 ndi K1,040,000, ndipo apa katundu wachepetsedwa ndi K350,000. Kwacha iliyonse imene yawonjezeredwa pa katundu wotsala imawonjezekanso pa phindu, ndipo iliyonse imene yachotsedwa imachokanso pa phindu. Cholakwacho chimapitirira mpaka mwezi wotsatira, pakuti katundu wotsala wa Novembala ndiye woyambira wa Disembala. Mtengo wogulitsira nawo sulowa m'kawerengedwe aka, chifukwa kutero n'kulemba phindu pa mbewu imene mlimi sanagule.

Mtundu uliwonse wa mbewu ndi kukula kulikonse kwa paketi ziyenera kukhala ndi tsamba lakelake. Paketi ya makilogalamu awiri sisakanizidwa ndi ya makilogalamu asanu, ndipo chimanga chocha msanga sichisakanizidwa ndi chochedwa kucha. Mbewu imene kampani yatisiyira kuti tiziigulitsa m'malo mwake, n'kubweza yotsala, si yathu, choncho siiwerengedwa ngakhale ili pashelefu pathu. Kwa alimi ochulukitsa mbewu lamulo ndi lomweli, kungoti m'malo mwa mtengo wopikulira timaika ndalama zonse zimene zinalowa pa kulima, kusankha, kuthira mankhwala ndi kulongedza gawo lililonse la mbewuyo.

Tiyeneranso kulemba zimene tawerenga ndi manja, osati zimene buku likuyembekezera. Ngati buku la malonda likunena kuti tagulitsa mapaketi 366 koma pashelefu pali 130, ndiye kuti anayi asowa. Katundu wotsala akhalabe wa mapaketi 130, ndipo anayiwo, pa K10,500 imodzi, ndi K42,000 yotayika imene iyenera kulembedwa padera kuti ifufuzidwe.

Phindu la m'buku ndi ndalama zooderanso

Apa ndi pamene njirayi imafuna maso. Tiyerekeze kuti mapaketi 370 anagulitsidwa onse ndipo anabweretsa K4,255,000, kutanthauza K11,500 pa paketi tikagawa mofanana. Tikachotsa K3,335,000, buku likusonyeza phindu la K920,000 tisanachotse lendi ndi malipiro. Nambalayi ndi yolondola, ndipo ndi imene idzaoneke m'mabuku a bizinesi.

Koma kuti tibwezeretse mapaketi 370 amenewo pa mtengo wa lero wa K11,000 tifunika K4,070,000. Pa ndalama zimene tinatolera patsala K185,000 yokha. Choncho pa phindu la K920,000, ndalama zokwana K735,000 zabwera chifukwa tinagulitsa mbewu yopikula motchipa pamene mitengo inali itakwera kale, ndipo ndalama zomwezo zikufunika kubwerera kwa kampani pa oda yotsatira. Mwini sitolo akachotsa K920,000 yonse kukagula malata kapena kulipira sukulu ya ana, K3,335,000 imene yatsala m'manja ingagule mapaketi 303 okha m'malo mwa 370. Mpamba wadyeka ngakhale buku likuseka. Zimenezi zimachitika chifukwa mitengo ikamakwera, njirayi imaika mitengo yakale yotsika pa katundu wogulitsidwa, n'kusiya yatsopano yokwera pa katundu wotsala. Mtengo wa zotsala umayandikira wa pamsika lero, pamene phindu limaoneka lonenepa.

Njira ina yololedwa ndi yotenga mtengo wapakati. Tikagawa K4,725,000 pa mapaketi 500 tipeza K9,450, ndipo mapaketi 130 akhala a K1,228,500. Katundu wotsala ndi phindu zonse zitsika ndi K161,500. Malamulo a padziko lonse a kalembedwe ka mabuku a ndalama amalola njira ziwirizi, ndipo salola yoyambira pa katundu watsopano potulutsa. Amafunanso kuti njira imene tasankha tiigwiritse ntchito pa katundu yense wofanana, chaka ndi chaka. Kusinthasintha njira malingana ndi phindu limene tikufuna kuonetsa kumachititsa kuti miyezi isayerekezeke, ndipo banki kapena oyang'anira misonkho adzafunsa chifukwa chake.

Pamene mtengo wopikulira sugwiranso ntchito

Lamulo la choyamba kulowa ndi la m'buku. Ngakhale wogulitsa pakauntala atapereka mapaketi atsopano n'kusiya akale kumbuyo kwa shelefu, yankho likhalabe K1,390,000. Koma mbewu ndi chinthu chamoyo, ndipo kumera kwake kumachepa ikakhalitsa pamalo otentha kapena a chinyontho. Motero powerenga katundu tiziona tsiku limene mbewu inayesedwa ndi nambala ya gawo lake pa chikalata cha paketi. Akale akapezeka kumbuyo pamene buku likuti anatuluka, tiwasunthire kutsogolo.

Malamulo omwe aja amanena kuti katundu amalembedwa pa mtengo wotsika mwa iwiri iyi: umene tinagulira, kapena umene tingapeze pomugulitsa titachotsa zolipira pogulitsapo. Tiyerekeze kuti pa mapaketi 130 aja, khumi a oda ya pa 19 anyowa chifukwa denga linadontha. Mbewu yothiridwa mankhwala singagulitsidwe ngati chakudya cha anthu kapena cha ziweto, choncho ngati kampani siilandiranso, mtengo wake ndi ziro. Timachotsa K105,000, ndipo katundu wotsala atsika kufika pa K1,285,000. Funso lomweli limabweranso nyengo yodzala ikamatha. Mapaketi amene tinapikula pa K11,000 akayamba kuyenda pa K9,500 yokha, timawalemba pa mtengo wotsikawo, ndipo kusiyana kwake kumalowa m'buku ngati kuluza kwa mwezi umenewo.

Tsono pamapeto a mwezi wa mitengo yokwera, pansi pa phindu la m'buku tilembenso mzere umodzi wa ife eni: mapaketi amene tagulitsa kuchulukitsa ndi mtengo wa paketi wa oda yomaliza. M'chitsanzo chathu ndi K4,070,000. Ndalama zimenezo zikhale pambali kudikira oda ya Disembala, ndipo lendi, malipiro ndi za pakhomo zichokere pa zimene zatsala pamwamba pake.