Lendi yalowa pafoni, koma walipira ndani?

Eni nyumba ambiri m'matauni mwathu anasiya kugogoda khomo ndi khomo mwezi ukatha. Lendi imabwera pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba, landilodi ali ku Area 25 nyumba zili ku Chinsapo. Izi zachepetsa maulendo ndi mantha oyenda ndi ndalama m'chikwama, koma zabweretsa vuto lomwe kale kunalibe. Ndalama ya pamanja inkabwera ndi nkhope ya mwini wake. Ya pafoni imabwera ndi dzina la amene analembetsa simu yotumizirayo, ndipo nthawi zambiri si iye amene akugona m'nyumbamo. Akhoza kukhala mlamu wake, bwana wake, kapena ejenti wa pamsika amene wapatsidwa ndalamazo kuti aziike.

Tiyerekeze mayi wina ali ndi nyumba zisanu ndi imodzi pa puloti yake ku Ndirande. Nyumba 1 mpaka 4 ndi za K60,000 iliyonse, nyumba 5 ndi 6 ndi za K90,000. Pa mwezi akuyembekezera K420,000. Pofika pa 5, foni yawo yalandira mameseji asanu ndi limodzi. Nyumba zisanu ndi imodzi, mameseji asanu ndi limodzi: mtima ukhala pansi, onse alipira. Apa m'pamene ambiri amatayira ndalama, chifukwa amawerenga mameseji m'malo mowerenga nyumba.

Tsono tiyike mamesejiwo pambali pa kaundula wa alendi. A nyumba 1 atumiza K60,000 m'dzina lawo, palibe chovuta. A nyumba 5 atumiza K90,000, chimodzimodzi. A nyumba 3 atumiza kawiri, K40,000 pa 1 ndi K20,000 pa 4, kutanthauza kuti mameseji awiri ndi a khomo limodzi. A nyumba 6 atumiza K93,000, ndipo K3,000 yapamwambayo akuti ndi yotapira. Meseji yotsala ndi ya K60,000 yochokera ku dzina lomwe mayiwa salidziwa. Zonse pamodzi ndi K363,000. Tikachotsa yotapira ija, lendi yeniyeni ndi K360,000. Yaperewera K60,000, ndipo nyumba ziwiri, 2 ndi 4, zilibe chongi. Onse awiri akafunsidwa akuti analipira. Ndalama yopanda mwini ndi imodzi yokha.

Mlandu wotere suthetsedwa ndi kukweza mawu kapena kuyang'ana amene akuoneka wokhulupirika. Umathetsedwa ndi kanambala kamodzi. Ndalama iliyonse ikayenda pafoni, kampani imaipatsa nambala yakeyake, yomwe pameseji imalembedwa ngati Trans ID kapena mawu ofanana nawo. Nambalayi imaoneka kwa wotumiza ndi kwa wolandira yemwe, ndipo sibwerezedwa. Choncho mayiwa sauza aliyense nambala yomwe ili pafoni pawo. Amangopempha aliyense kuti abweretse yake. A nyumba 2 akuti anakapereka ndalama kwa ejenti, ndipo ejentiyo wawapatsa nambala ya pameseji yake. Yagwirizana ndi ya K60,000 yachilendo ija. Nkhani yawo yatha. A nyumba 4 aonetsa meseji yomwe mkazi wawo anawatumizira. Mayiwa atsegula tsamba la mwezi watha m'kope mwawo, ndipo nambala ija aipeza momwemo. Ndi meseji ya lendi ya mwezi wapita. Sikuti nthawi zonse kumakhala kuba. Kawirikawiri bambo amaganiza kuti mayi alipira, mayi naye akuganiza kuti bambo alipira. Koma popanda nambala yolembedwa m'kope, mayiwa akanakangana ndi munthu wosalakwa kapena kutaya lendi ya mwezi wathunthu.

Nchifukwa chake kope ndilo liyenera kukhala mwini nkhani, foni ikhale mboni chabe. Mwezi uliwonse ukhale ndi tsamba lake, nyumba iliyonse mzere wake, ndipo mizereyo ilembedwe mwezi usanayambe, ndalama isanalowe ndi imodzi yomwe. Pamzerepo pakhale lendi yoyenera, ngongole yochokera mwezi watha, tsiku lolandira, ndalama yolandiridwa, dzina la wotumiza, nambala ija, ndi yotsala. Mukalemba nyumba kaye, khomo losalipira limaonekera lokha chifukwa mzere wake uli mbee. Ndalama yosadziwika mwini wake muyilembe pansi pa tsamba payokha, osaipereka kwa munthu mongoganizira, mpaka wina atabwera ndi nambala yogwirizana nayo.

Musadalire mameseji okha ngati kosungira mbiri. Foni imabedwa, imadzadza, mwana amafufuta. Kandandanda kamene mumaona mukaimba *211# pa Airtel kapena *444# pa TNM kamangoonetsa zochitika zaposachedwa zochepa. Lembani m'kope tsiku lomwelo. Ndiponso meseji yoti mwalandira ndalama ikabwera kuchokera ku nambala wamba ya foni, osati ku dzina la kampani, musaikhulupirire. Onani balansi yanu nokha. Ngati sinakwere, simunalandire kanthu, ngakhale mesejiyo italembedwa mwaluso bwanji. Chithunzi cha meseji chotumizidwa pa WhatsApp nacho si ndalama.

Alendi ena amati, "Meseji ndili nayo, lisiti n'lachiyani?" Ine ndimati lisiti n'lofunikabe, ndipo limateteza kwambiri mlendiyo kuposa mwini nyumba. Meseji imangonena kuti ndalama yachoka pa nambala iyi kupita pa iyo. Siinena kuti ndi ya nyumba iti, ya mwezi uti, ndi lendi kapena ndi ya madzi. Mkangano waukulu umabuka pa munthu amene ali ndi ngongole. Tinene kuti a nyumba 4 aja sanalipire Malichi, ndipo mu Epulo atumiza K60,000. Iwo akuti alipira Epulo. Mwini nyumba akuti atseka Malichi. Onse akunena zoona monga momwe akuonera, ndipo pakatha chaka palibe angakumbuke pomwe mwezi unasowera. Njira yosavuta ndi kugwirizana kuyambira tsiku lolowa m'nyumba kuti ndalama iliyonse iziyamba yatseka ngongole yakale, ndipo lisiti lizinena poyera kuti, "Lendi ya Malichi, nyumba 4, K60,000, yotsala K60,000 ya Epulo." Buku la malisiti la kaboni, lokhala ndi manambala otsatizana, ndi lokwanira. Lembanipo nambala ya pameseji ija, sainani, lapamwamba mupereke, lapansi litsale m'buku. Ngati mukukhala kutali, jambulani lisitilo mutumize. Wolipira kawiri, ngati a nyumba 3 aja, alandire malisiti awiri.

Za yotapira nazo zimafuna kukambirana kale. Kutapa ndalama kwa ejenti kumadula, ndipo mitengo yake imasintha. Mugwirizane ngati ili pa mutu pa mlendi kapena pa mwini nyumba, ndipo ikabwera ilembedwe padera. Mukaiphatikiza ndi lendi, a nyumba 6 adzaoneka ngati akupitiriza mwezi ndi mwezi, ndipo tsiku lotuluka angadzaifune.

Chotsala ndi kufananitsa kope ndi foni. Izi zimaphweka ngati muli ndi simu ya lendi yokha, yosagulira mayunitsi kapena magetsi. Tengani balansi ya pa 1, onjezani zonse zomwe kope likuti zalowa, chotsani zomwe mwatapa pamodzi ndi zomwe kampani yadula. Mayi aja akanayamba ndi K10,000, n'kulandira K363,000 osatapa kanthu, foni iyenera kuonetsa K373,000. Ikaonetsa zambiri, pali ndalama yomwe sanalembe, ndipo wina akumuyesa wangongole ali wolipira. Ikaonetsa zochepa, alemba meseji ina kawiri kapena akhulupirira yabodza. Kusiyanako kukakana kupezeka, apite ku ofesi ya kampaniyo ndi chiphaso chawo cha unzika akapemphe ndandanda ya zonse zomwe zachitika pa nambala yawo mwezi umenewo, ndipo adutse mzere ndi mzere, kuchonga nambala iliyonse m'kope.