Kalata yochenjeza za kujomba: iyankheni tsiku ndi tsiku

Munthu akalandira kalata yomuchenjeza kuti akujomba kwambiri, nthawi zambiri amachita chimodzi mwa ziwiri. Ena amaipinda n'kuiponya m'chikwama, amvekere zidzaiwalika. Ena amalemba tsamba lathunthu lopepesa, lodzaza ndi "ndikhululukireni bwana, sindidzayambiranso", koma osatchula n'komwe tsiku limodzi. Onsewa amadzipweteka okha, chifukwa kalatayo imakalowa m'fayilo, ndipo tsiku limene nkhani idzakule, amene adzatsegule fayiloyo adzapeza mawu a abwana okhaokha.

Lamulo la ntchito la dziko la Malawi la chaka cha 2000 limaika kalata yochenjeza m'gulu la zilango, limodzi ndi kuimitsidwa ntchito kwa kanthawi komanso kutsitsidwa udindo. Gawo 59 la lamuloli likuti kujomba popanda chilolezo kapena chifukwa chomveka kungachotsetse munthu ntchito nthawi yomweyo. Komabe gawo 57 likuti munthu asachotsedwe asanapatsidwe mpata wodziteteza, ndiponso kuti kulephera kubwera kwa kanthawi chifukwa cha kudwala kapena kuvulala si chifukwa chomulangira. Choncho nkhani yonse yagona pa mawu akuti "chilolezo" ndi "chifukwa chomveka", ndipo zimenezi zimayezedwa pa tsiku lililonse palokha.

Titenge chitsanzo cha mayi amene amakhala ku Bangwe ndipo amagwira ntchito yolemba katundu m'sitolo yopikulitsa ku Limbe. Kalata yake ikuti wajomba masiku 7 m'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi, ndipo ayankhe pasanathe masiku atatu. Asanalembe chilichonse, ayenera kukhala pansi ndi kalendala, foni ndi buku la kuchipatala, n'kufufuza kuti pa masiku amenewo anali kuti. Kalata ikapanda kutchula madeti, awapemphe mwaulemu, chifukwa mlandu wopanda madeti suyankhika.

Atafufuza, akupeza kuti masikuwo safanana. Pa 4, 5 ndi 6 Febuluwale ankadwazika mwana amene anagonekedwa m'chipatala ndi malungo, ndipo anatumiza uthenga kwa kapitawo m'mawa wa tsiku loyamba. Pa 19 Febuluwale anabwera ndithu, kungoti anafika mochedwa buku losayina atalichotsa kale. Pa 10 ndi 11 Malichi anali kumudzi ku Thyolo: anapatsidwa masiku awiri a maliro a amalume ake, iye n'kukhala anayi. Pa 24 Malichi analibe ndalama ya minibasi ndipo sanauze aliyense.

Kalata yabwino imatsata mndandanda umenewu. Ikatha mizere yoyambirira, yotchula kwa amene ikupita ndi deti la kalata imene ikuyankhidwa, ingalowe m'nkhani motere: "Pa 4 mpaka 6 Febuluwale mwana wanga anagonekedwa m'chipatala. Ndinadziwitsa a kapitawo pa foni m'ma 6 koloko m'mawa pa 4. Ndaphatikiza fotokope ya tsamba la buku la kuchipatala ndi chithunzi cha uthengawo." Apa pali chinthu chofunika kusamala. Tchuthi cha matenda chimene gawo 46 limapereka, masabata anayi a malipiro onse ndi ena asanu ndi atatu a theka la malipiro pa chaka kwa amene wakwanitsa miyezi 12 pa ntchito, n'cha kudwala kwa wantchito mwini wake, ndipo chimafuna chikalata cha dokotala. Mayiyu asalembe ngati masiku odwazika mwana ndi ufulu wake wa tchuthi cha matenda. Chimene angaimepo n'chakuti anali ndi chifukwa chomveka ndipo ananena nthawi yabwino.

Za pa 19 Febuluwale azikane, koma mopanda mkwiyo: "Tsikuli ndinagwira ntchito kuyambira 9 koloko. Malisiti a katundu amene tinalandira tsikulo ali ndi siginecha yanga. Ndikuvomera kuchedwa, koma ndikupempha kuti tsikuli lichotsedwe pa masiku ojomba." Ambiri amaopa kutsutsa abwana pa pepala poganiza kuti ndi mwano. Si mwano. Kuvomera tsiku limene unagwira ntchito n'kudziwonjezera wekha mlandu, ndipo mwina n'kuvomeranso kuti akudule malipiro a tsikulo, pakuti lamulo limalola bwana kusalipira tsiku limene munthu wajomba popanda chilolezo ndi chifukwa chomveka.

Masiku atatu otsalawo ndi amene amayesa munthu. Mtima umafuna kuwakankhira onse ku matenda, kapena kukapeza wina wolemba kachikalata ka kuchipatala. Imeneyo ndi njira yoopsa kuposa kujomba kumene. Olemba ntchito ena amafufuza kuchipatala kumene chikalata chachokera, ndipo zikadziwika kuti n'chabodza, nkhani simakhalanso ya kujomba koma ya chinyengo, chimene bwana sachitira chifundo. N'kwabwino kungolemba kuti: "Pa 10 ndi 11 Malichi ndinapitirira masiku amene munandipatsa. Monga mmodzi wa eni maliro ndinatsalira pa zokambirana za banja, koma ndinayenera kuimba foni kupempha masiku ena. Pa 24 Malichi ndinasowa thiransipoti ndipo sindinadziwitse aliyense. Pa masiku atatuwa ndinalakwa." Mawu ochepa amenewa ndi amene amachititsa kuti wowerenga akhulupirirenso zimene zanenedwa za masiku anayi oyamba aja.

Sikofunika kukhuthula zonse za m'nyumba. Ngati pali matenda amene munthu safuna kuti adziwike pa ntchito, akhoza kungonena kuti ali pa chithandizo chimene chimafuna kupita kuchipatala kamodzi pa mwezi, n'kupereka chikalata cha dokotala chotsimikiza madeti.

Kenako pamabwera zimene adzachite kuti zisinthe, ndipo apa ndi pamene makalata ambiri amafooka. "Ndidzayesetsa" salonjeza kanthu. "Sindidzajombanso" ndi lonjezo limene mayi wa mwana wamng'ono sangalisunge, ndipo likadzasweka, pepala lomwelo lidzamutsutsa. Lonjezo lililonse liyankhe chimene chinayambitsa vuto, ndipo likhale loti abwana atha kuliona ndi maso. Mayi wathuyu angalembe kuti akalephera kubwera aziimbira kapitawo isanakwane 7 koloko, n'kutumizanso uthenga wolemba. Kuti wagwirizana ndi mchemwali wake kuti azisinthana kudwazika, iye usiku mchemwaliyo masana. Kuti ndalama ya thiransipoti ya mwezi wonse aziipatula tsiku lolandira malipiro. Za maliro ndi zina za kumudzi angapemphe kuti masiku owonjezera azichotsedwa pa tchuthi chake cha pa chaka, chimene kwa wogwira ntchito masiku asanu ndi limodzi pa sabata sichichepera masiku 18. Pomaliza apemphe kuti pakatha miyezi itatu adzakhale pansi ndi abwana kuona buku losayina.

Tsamba limodzi n'lokwana. M'menemo musalowe mayina a anzake amene nawonso amajomba, kapena mawu oopseza kuti akasuma ku leba. Ofesi ya zantchito ya m'boma ndi bwalo loweruza milandu ya pa ntchito zilipo ngati zinthu zitadzafika poipa, koma kumenekonso adzafunsa kuti munthu atachenjezedwa anayankha chiyani. N'chifukwa chake apereke kalatayo tsiku loikidwa lisanapite, ikhale ndi fotokope, ndipo amene wailandira asayine n'kulemba deti pa fotokopeyo. Buku lenileni la kuchipatala asalisiye ku ofesi. Alionetse, n'kubwerera nalo kunyumba.