Kamfuno Wobwerezabwereza mwa Ana ndi Akulu

Kamfuno ndi kutuluka kwa magazi m'mphuno chifukwa cha kung'ambika kwa timitsempha ta m'kati mwake. Anthu pafupifupi 6 mwa 10 alionse amatulukapo kamfuno nthawi ina pa moyo wawo, koma amavutitsa kwambiri ana a zaka zapakati pa 2 ndi 10 komanso akulu opitirira zaka 50. Kwa ambiri amabwera kamodzi n'kuiwalika. Kwa ena amabwera sabata ino, sabata yamawa, mwezi wathunthu, ndipo kawirikawiri kuchokera m'bowo lomwelomwelo la mphuno.

Chifukwa chake chagona pa kapangidwe ka mphuno. Pakati pa mabowo awiri pali kakhoma kopyapyala, ndipo kutsogolo kwake, pomwe nsonga ya chala imatha kufika, pamakumana timitsempha tochokera mbali zosiyanasiyana za nkhope. Timitsemphati tili pamwamba penipeni, tokutidwa ndi kakhungu konyowa kosalimba, popeza ntchito yake ndi kufunditsa mpweya usanafike m'mapapo. Dokotala wa ku Germany, Wilhelm Kiesselbach, adalemba za malowa m'chaka cha 1884, ndipo mpaka lero amatchedwa ndi dzina lake. Pafupifupi kamfuno 9 mwa 10 aliyense amachokera pamenepa.

Kubwerezabwereza kumayamba motere. Mwana wa zaka 7 wadwala chimfine m'nyengo yozizira, mphepo ya mwera ikuwomba, mpweya uli wouma ndiponso wafumbi. Kakhungu ka m'mphuno katupa, ndipo akumina pafupipafupi. Tsiku lina kamtsempha kamodzi kaphulika. Magazi aleka pakapita mphindi zochepa, pabala pauma nkhanambo. Nkhanamboyo imayabwa ndipo imatsekereza mpweya, choncho mwanayo amaitokosa ndi chikhadabo, mwina ali m'tulo osadziwa n'komwe. Ikachoka, bala lija limatsegukanso lisanapole, mayi n'kupeza magazi pamtsamiro m'mawa. Bala la pamalo amenewa limafuna sabata imodzi kapena ziwiri lisakukhudzidwa, koma mwa mwana wotere silipeza mpata. Nthawi zambiri pamakhalanso tizilombo totchedwa sitafilokokasi, tomwe timatupitsa malowo ndi kuchulukitsa nkhanambo. Makolo amaona ngati ndi matenda atsopano tsiku lililonse, chonsecho ndi bala limodzi lomwe lakana kupola.

Zinthu zoumitsa kapena kuyabwitsa m'mphuno zimathandizira zonsezi: kutentha kwa mwezi wa Okutobala, utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda mazenera, chimfine chosatha chobwera ndi fumbi kapena mungu wa maluwa, ndipo kwa akulu, fodya wofwenkha. Mankhwala opopera m'mphuno nawonso amavulaza kakhoma kaja ngati munthu amalozetsa botolo pakati m'malo molozetsa chakumbali.

Kamfuno wa mtundu uwu amasiya msanga akagwiridwa bwino, ndipo apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Chizolowezi choyang'anitsa mwana kumwamba kapena kumugoneka chagada sichiletsa magazi, chimangowabweza kukhosi, iye n'kuwameza, kenako n'kusanza. Kufinya fupa la pamwamba pa mphuno nakonso n'kutaya nthawi, chifukwa bala silili pamenepo. Wodwala ayenera kukhala tsonga, kuweramira kutsogolo pang'ono, ndi kutsina mbali yofewa ya mphuno, mabowo onse awiri, kwa mphindi 10 mpaka 15 osasiya kuti aone ngati magazi aleka. Azipuma ndi pakamwa ndi kulavula magazi ofika kukhosi. Kufwatika mapepala, nsanza kapena masamba m'mphuno kumakanda bala, ndipo pozichotsa zimachoka ndi magazi omwe anali atagwirana kale.

Kuti kamfuno asabwerenso, bala liyenera kutetezedwa kufikira litapola. Kuwenga zikhadabo, kupewa kumina mwamphamvu, ndi kupaka vaselini pang'ono m'kati mwa mphuno m'mawa ndi madzulo kumakwanira kwa ana ambiri. Zikakanika, kuchipatala amapereka mafuta opha tizilombo, kapena amawotcha kamtsemphako ndi kamtengo kokhala ndi mankhwala a siliva naitireti kunsonga. Amawotcha mbali imodzi yokha pa nthawi, chifukwa kuwotcha mbali zonse pamodzi kungaboole kakhomako.

Mwa akulu nkhani imasintha. Mitsempha ya munthu wokalamba imauma ndipo siifinyika msanga ikang'ambika. Ena magazi amachokera kumbuyo kwa mphuno, komwe mitsempha ndi yaikulu ndipo chala sichingafinye. Chizindikiro chake n'chakuti magazi amatsikira kukhosi ngakhale munthu ataweramira kutsogolo, kapena amatuluka mabowo onse awiri mwamphamvu. Kamfuno wotereyu sathetsedwa pakhomo. Ambiri amakhulupirira kuti kuthamanga kwa magazi ndiko kumaphulitsa mphuno. Akatswiri sagwirizana ngati kumayambitsadi kamfuno, koma kumachititsa kuti magazi avute kuleka, choncho wamkulu wotuluka kamfuno kawirikawiri ayenera kukayezetsa.

Choyamba chomwe dokotala amafunsa wamkulu ndi mankhwala omwe akumwa. Asipirini, wafarini ndi ena operekedwa kwa odwala mtima kapena sitiroko amachedwetsa kugwirana kwa magazi, moti kabala komwe kakanaleka pa mphindi 5 kamachucha theka la ola. Asipirini amapezekanso m'mankhwala ena a mutu ogulitsidwa m'maokala, ndipo mphamvu yake pa magazi imakhala pafupifupi sabata yathunthu. Amene adapatsidwa mankhwalawa kuchipatala asawasiye yekha, koma akawafotokozere omwe adamupatsa. Mowa wambiri nawo umawononga chiwindi, chomwe chimapanga zinthu zogwiranitsa magazi. Amayi oyembekezera amatulukanso kamfuno pafupipafupi chifukwa magazi amachuluka m'thupi ndipo m'mphuno mumatupa, koma zimatha akachira.

Pali gulu laling'ono lomwe vuto lili m'magazi momwemo. Timagulu ta m'magazi totseka mabala, mapulateleti, timayenera kukhala pakati pa 150,000 ndi 450,000 m'maikulolita imodzi ya magazi, ndipo timatha kuchepa chifukwa cha malungo aakulu, kachilombo ka Edzi kapena khansa ya m'magazi. Ena amabadwa ndi magazi osagwirana bwino, monga a matenda omwe adazindikira Erik von Willebrand wa ku Finland mu 1926, omwe amayenda m'banja ndipo amagwira amuna ndi akazi omwe. Anthu otere samangotuluka magazi m'mphuno mokha. Nkhama zimatuluka magazi potsuka mano, pakhungu pamaoneka mikwingwirima popanda kumenyedwa kapena timadontho tofiira, akazi amataya magazi ambiri posamba, ndipo mwina pali wachibale yemwe adavutikapo atazula dzino kapena pa mdulidwe. Kuyeza magazi kumathandiza kupeza vutoli.

Kamfuno wa bowo limodzi lokha wobwera ndi zizindikiro zina amafunanso kupimidwa. Mwana wamng'ono wotuluka mamina onunkha osakanikirana ndi magazi mbali imodzi nthawi zambiri amakhala kuti adalowetsamo njere ya chimanga, nyemba kapena mkanda. Mnyamata wachisodzera amene mphuno yake imatsekeka mbali imodzi n'kumatuluka magazi ambiri akhoza kukhala ndi chotupa cha mitsempha kumbuyo kwa mphuno, chomwe chimachotsedwa ndi opaleshoni. Kamfuno mwa khanda losakwana zaka 2 sachitikachitika, ndipo aliyense wa msinkhu umenewu ayenera kuonedwa kuchipatala.

Munthu afunika kuthamangitsiridwa kuchipatala ngati magazi sakuleka atatsina mphuno moyenera kwa mphindi 20, ngati akumva chizungulire kapena akupuma movutikira, kapena ngati kamfunoyo wayamba atavulala m'mutu. Ngakhale kamfuno wochepa, akamabwera kangapo pa sabata kwa miyezi, amachepetsa magazi m'thupi, ndipo izi zimaonekera m'zikhatho ndi m'kati mwa zikope zikayamba kuyera.