Jekete ya Chisanu ku Ulaya: Yambani ndi Mapewa

Ambiri akafika ku Britain mu Disembala amathamangira kugula jekete yaikulu kwambiri poopa kuzizira. Koma jekete yotaya imalowetsa mphepo kumunsi, ndipo mwiniwake amaoneka ngati thumba la makala.

Popita kusitolo, valani juzi yokhuthala imene mudzaivale masiku ozizira. Mukayesa jekete, yang'anani kaye mapewa. Msoko wa phewa uzikhala pomwe phewa lanu lathera, kapena kupitirira pang'ono chabe. Ukagwera pamkono, jeketeyo yakula, ndipo telala amavutika kukonza malo amenewa kusiyana ndi kufupikitsa manja.

Kenako yezani chifuwa mutavala juziyo. Ngati tepi yawerenga masentimita 100, jekete ikhale ya masentimita 110 mpaka 115 kuzungulira pachifuwa. Tsekani zipi, pingasani manja ngati mukudzikumbatira. Ikakoka kumsana kapena kuthina m'khwapa, yachepa. Kuthina kumafinya nthenga kapena ubweya wam'kati, mpweya wosunga kutentha n'kuthawa.

Musadalire chilembo cha M kapena L, chifukwa makampani amasoka mosiyana. Ngati mukukayikabe, valani zovala ziwiri zopyapyala zaubweya m'malo mwa juzi imodzi yonenepa, ndipo mutenge jekete yokwana bwino m'mapewa.