Thupi Lili Maso, Mwini Wake Ali Mtulo

Usiku wa pa 4 Meyi 2006, cha m'ma 2:45 mbandakucha usanafike, galimoto ina inawomba chotchinga chachitetezo pafupi ndi nyumba ya malamulo ku Washington, m'dziko la America. Woyendetsa anali phungu, a Patrick Kennedy. Atatuluka anauza apolisi kuti achedwa kukavota, pomwe nyumbayo inali itaweruka kalekale. Tsiku lotsatira, iwo anati sakukumbuka kudzuka pabedi, ngakhale kuimitsidwa ndi apolisi. Anati madzulo anamwa mankhwala awiri: ena oletsa nseru otchedwa Phenergan, amenenso amagonetsa, ndi ena atulo otchedwa Ambien. Pasanapite masiku anavomera kuti anali ndi vuto lodalira mankhwala, ndipo anapita kukalandira thandizo. Choncho si chilungamo kuloza chala piritsi limodzi lokha. Komabe nkhani yawo ikuonetsa bwino chinthu chimene madokotala tsopano sakuchikayikira.

Ambien ndi dzina la malonda la zolipidemu, mmodzi mwa mankhwala atulo amene amangotchedwa "mankhwala a Z" chifukwa mayina awo amayamba ndi chilembo chimenechi. Anzake ndi zopikiloni ndi zalepuloni. Amene akukhala ku Joni mwina anaonapo zolipidemu pansi pa dzina loti Stilnox, pomwe ku Mangalande wofala ndi zopikiloni.

Mankhwalawa anabwera m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 kudzalowa m'malo mwa akale, a mtundu wa benzodayazepini. Wodziwika kwambiri pa akalewo ndi dayazepamu, kapena kuti Valium, amene anatuluka mu 1963, ndipo m'zipatala zathu amagwiritsidwabe ntchito munthu akamakomoka. Vuto la dayazepamu pa nkhani ya tulo ndi loti amachedwa kuchoka m'thupi. Kuti theka lake lichoke m'magazi pamatenga tsiku limodzi kapena awiri, ndipo zotsalira zake zimakhalitsa kuposa apo. Womwa usiku uliwonse amakhala akuunjika mankhwala pamwamba pa adzulo. Amadzuka mutu uli wolemera, miyendo ili lende, ndipo akamwa kwa miyezi thupi limazolowera moti kusiya kumakhala nkhondo.

Mankhwala a Z amachoka msanga. Theka la zolipidemu limachoka pa maola awiri kapena atatu, la zopikiloni pa maola pafupifupi asanu, la zalepuloni pa ola limodzi. Phindu limeneli ndi lenileni. Koma anthu ambiri, ngakhale madokotala ena, anakhulupirira kuti popeza dzina ndi latsopano ndiye kuti zoopsa zakale zatha, ndipo apa mpamene panalakwika. Mu ubongo muli mankhwala achilengedwe otchedwa GABA, amene ntchito yake ndi kuziziritsa minyewa, ngati mabuleki a galimoto. Dayazepamu amalimbitsa mabuleki amenewa. Zolipidemu nayenso amakakhala pamalo omwewo n'kuchita zomwezo, kungoti amasankha kwambiri mbali yokhudza tulo kusiyana ndi mbali yofewetsa minofu. Ndi ana a bere limodzi ovala malaya osiyana. Onse amazoloweretsa, onse amagwetsa okalamba usiku popita kukataya madzi, ndipo onse munthu akawasiya mwadzidzidzi tulo timathawa kuposa poyamba. Mu 2004 bungwe la NICE, limene limalangiza zipatala za boma ku England, linaunika umboni ndipo silinapeze chifukwa chomveka chonenera kuti a Z amaposa mabenzodayazepini ochoka msanga m'thupi. Linati dokotala angosankha otsika mtengo, ndipo awapereke kwa nthawi yochepa.

Nanga amathandiza motani? Kafukufuku amene anasindikizidwa m'magazini ya madokotala ya BMJ mu 2012 anapeza kuti womwa mankhwala a Z amagona msanga ndi mphindi pafupifupi 22 poyerekeza ndi womwa piritsi lopanda mankhwala. Kwa munthu amene waferedwa ndipo watha mausiku anayi osatseka diso, mphindi zimenezo ndi mpumulo. Koma ine sindiona kuti n'zokwanira kulipirira ndi zaka za kumwa piritsi usiku uliwonse.

Tibwerere kwa phungu uja. Tulo si nyale imene imazima kamodzi nyumba yonse. Nthawi zina mbali za ubongo zoyendetsa miyendo ndi manja zimadzuka, pomwe mbali zoganiza ndi zosunga zochitika zidakali zoziziritsidwa ndi mankhwala. Zinthu zimene munthu anazizolowera, monga kutsegula chitseko, kuyatsa mbaula, kuimba foni, kuliza galimoto, thupi limazichita lokha. Maso amakhala otsegula, ndipo munthuyo angakuyankheni mwachidule kapena mosokonekera. Mmawa sakumbuka kanthu. Ena amaphika n'kudya, ena amagonana ndi mnzawo, ena amatuluka panja. Kwathu munthu wopezeka pabwalo pakati pa usiku osadziwa chimene akuchita sachedwa kunenedwa zaufiti, pomwe funso loyamba liyenera kukhala loti wamwa chiyani pogona.

Mabenzodayazepini nawonso angachititse zimenezi, koma malipoti ambiri amatchula zolipidemu. Mu Epulo 2019 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linalamula kuti pa zolipidemu, zalepuloni ndi eszopikiloni, m'bale wake wa zopikiloni, paikidwe chenjezo lalikulu kwambiri limene bungweli limapereka. Linali litapeza anthu 66 amene anavulala kwambiri kapena kufa pa zaka 26. Mwa iwo, 20 anamwalira: ena pomira m'madzi, ena pa ngozi za galimoto, ena pogwa, ena ndi chisanu atatuluka panja. Poyerekeza ndi mamiliyoni a anthu omwa, chiwerengerochi n'chochepa. Chodetsa nkhawa n'choti zinachitikira ngakhale omwa mlingo wochepa, osamwa mowa, ndipo ena pa piritsi loyamba lenilenilo.

Pali zimene zimakulitsa ngoziyi: mowa, kuphatikiza ndi mankhwala ena ogonetsa ngati anachitira a Kennedy, kuonjezera mlingo, ndiponso kumwa piritsi kenaka n'kumapitiriza kucheza kapena kuona foni m'malo mopita kukagona nthawi yomweyo. Mlingo nawo uli ndi nkhani yake. Mu 2013 FDA inatsitsa mlingo wa zolipidemu wa amayi kuchoka pa mamiligalamu 10 kufika pa 5, itaona kuti matupi a amayi amachedwa kuchotsa mankhwalawa, moti ena mmawa amakhala asanayenere kugwira chiwongolero.

Popeza mwini wake sakumbuka, amene amazindikira ndi a m'nyumba, kapena zizindikiro za mmawa: poto wakuda amene usiku anali wotsuka, zinyenyeswa pabedi, matope kumapazi, bala losadziwika chiyambi, mauthenga a pafoni amene mwini wake akukana kuti sanalembe. Mukamupeza akuyenda, musamukalipire. Mutsogolereni modekha kubwerera pabedi, bisani makiyi, ndipo mmawa mumuuze zonse ngakhale zikhale zochititsa manyazi. Zikachitika kamodzi kokha, lamulo la FDA n'loti munthuyo aleke mankhwalawo, aonane ndi dokotala mwamsanga, ndipo asadzapatsidwenso. Amene wamwa kwa miyezi yambiri apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kungabweretse kunjenjemera, nkhawa yaikulu, ngakhale kukomoka kumene. Ndipo amene sanaonepo zachilendo koma akufuna kusiya, njira yake ndi kuchepetsa mlingo pang'onopang'ono kwa milungu ingapo, dokotala akuyang'anira.