Kufunafuna Malo a M'chithunzi Chakale: Phunziro la ku Gombe la Chilwa

M'manyumba ambiri a kuno ku Zomba muli zithunzi zakale zakuda ndi zoyera, zosungidwa m'sutikesi kapena pakati pa masamba a Baibulo. Anthu amene ali m'zithunzizo kawirikawiri amadziwika, koma malo amene anaimapo ndiwo amaiwalika msanga. Mlembi wa nkhani ino anaonetsedwa chithunzi chotere ndi banja lina lokhala ku Ndirande, ndipo njira imene tinatsata pofufuza malo ake ndiyo tikufuna kuiyala pano, kuti aphunzitsi ndi achinyamata otsiriza sukulu aiyese pa zithunzi za kwao.

Chithunzicho ndi chaching'ono, masentimita 9 m'litali ndi 6 m'lifupi. Muli bambo wagwira njinga, ndi mwana wamwamuna waima pambali pake. Pansi pali dothi long'ambikang'ambika, chakumanzere kuli mutu wa bwato logona pouma ndi nsungwi yaitali, ndipo kumbuyo kuli phiri limodzi lakuda. Kuseri kwa pepala kunalembedwa mawu awiri okha ndi pensulo: "ku nyanja". Bamboyo anamwalira mwanayo ali wamng'ono, mayi nasamuka ndi ana kupita m'tauni, ubale ndi akuchimuna nutha pomwepo. Mwana uja, amene anabadwa mu 1960, lero ndi nkhalamba, ndipo afuna kupeza abale a bambo ake ndi manda awo. Iye amati anamva dzina la Kachulu, koma mlongo wake amaumirira kuti ndi ku Mangochi.

Mkangano wa nyanja ziwirizi sunavute kuthetsa. Gombe la Nyanja ya Malawi ndi la mchenga ndi miyala, ndipo madzi ake sathawa mtunda wautali. Chilwa ndi nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulukamo, yozingidwa ndi njedza ndi matope. Mvula ikachepa zaka zingapo zotsatizana madzi amabwerera kutali, nasiya dothi long'ambika ngati lija la m'chithunzi. Nsungwi yaitaliyo nayonso ikunena zomwezo, pakuti pa Chilwa asodzi amakankha bwato poponda pansi ndi mtengo. Tsono funso linatsala lakuti: pa Chilwa, koma mbali iti?

Apa mpamene ambiri amafulumira. Akaona phiri amangoti ndi Chisi, poti ndicho chilumba chotchuka. Koma munthu woima ku gombe la kumadzulo wazingidwa ndi mapiri: Zomba ndi Malosa kumadzulo, Chikala kumpoto, Mulanje ndi Michesi kumwera, Chisi chakum'mawa. Pachithunzi chosaoneka bwino lililonse la amenewa lingathe kunamiza diso. Nchifukwa chake tisanatchule dzina la phiri tiyenera kudziwa kumene wojambula analoza kamera yake, ndipo mboni ya zimenezo ndi chithunzithunzi cha munthu pansi.

Koma choyamba titsimikize kuti chithunzicho sichinatembenuzidwe. Otsuka zithunzi nthawi zina ankaika filimu chagada, kumanja nikusanduka kumanzere. Njinga imatithandiza pamenepa, chifukwa tcheni chake chimakhala kudzanja lamanja la wokwera. Njinga ikaloza kumanja kwa chithunzi, tcheni chiyenera kukhala mbali ya ife oonera. M'chithunzi chathu njinga yaloza kumanja ndipo tcheni chikuoneka poyera, kotero zonse zili m'malo mwake.

Chithunzithunzi cha bamboyo chagona chopingasa, kulowera kumanja, osabwera kwa wojambula kapena kupita ku phiri. Titayesa ndi rula tinapeza kuti bamboyo ndi wotalika mamilimita 30 papepala, ndipo chithunzithunzi chake ndi mamilimita 24, ndiye kuti magawo anayi mwa asanu a msinkhu wake. Nyanja ya Chilwa ili pa madigiri 15 ndi pang'ono kumwera kwa mzere wogawa dziko pakati. Kumeneku dzuwa limafika paliwombo penipeni kawiri pachaka, kuchiyambi kwa Novembala ndi kuchiyambi kwa Febuluwale. Pakati pa nthawi ziwirizi chithunzithunzi cha masana chimaloza kumpoto, koma chimakhala chachifupi kwambiri, chongozungulira mapazi. Miyezi ina yonse chimaloza kumwera, ndipo chimatalikitsa mu Juni, pamene chimafika magawo anayi mwa asanu aja. Ngati tsono chithunzi chathu chinajambulidwa dzuwa lili pamutu, unali mwezi wa Juni kapena Julayi, kumanja kwa chithunzi ndiko kumwera, ndipo kamera inaloza kum'mawa.

Mawu akuti "ngati" m'chiganizo chimenecho asaponderezedwe. Chithunzithunzi cha utali womwewo chimapezekanso m'mawa ndi chakumadzulo m'miyezi ina. Wojambula woloza kumwera nthawi ya m'mawa angaone chithunzithunzi chitagona kumanja, popeza chimaloza kumadzulo. Chimodzimodzinso woloza kumpoto dzuwa litapendeka. Choncho chithunzithunzi sichinatipatse yankho limodzi, chinatisiyira atatu: Chisi kum'mawa, Mulanje ndi Michesi kumwera, kapena Chikala kumpoto. Chimene chinachotsedwa ndi Zomba ndi Malosa basi.

Chosiyanitsa atatuwa ndi kuda kwa phirilo. Pa zithunzi zakuda ndi zoyera, phiri lakutali limatuluka lotuwa, lofanana ndi utsi, chifukwa cha fumbi ndi nkhungu za mumlengalenga, ndipo lakutali kwambiri nthawi zina limasowa ndithu. Phiri lapafupi limatuluka lakuda, mitengo yake nioneka ngati timadontho. Phiri la m'chithunzi chathu ndi lakuda, la timadontho, ndiponso laima lokha, dziko lili see mbali zonse ziwiri. Mulanje ali kutali makilomita makumi angapo, ndipo Chikala ali ndi anzake a mumzere umodzi. Chotsala ndi Chisi, ndipo tsopano tingachitchule popanda mantha.

Kudziwa phiri sikudziwa malo, pakuti Chisi chimaoneka kuchokera m'midzi yambirimbiri ya kwa Mwambo ndi kwa Kuntumanji. Tiyenera kupeza kutalika kwa mtunda, ndipo apa kukula kwa pepala kuja kukhala ndi ntchito. Zithunzi za masentimita 9 ndi 6 kawirikawiri zinkatsukidwa pongogoneka filimu papepala, osakulitsa, ndipo makamera a filimu imeneyo anali ndi galasi lokhala pafupifupi masentimita 10 kuchokera pafilimu. Lamulo lake ndi lapafupi: monga mmene kukula kwa chinthu papepala kuliri poyerekeza ndi masentimita 10 aja, ndi mmenenso kukula kwake kwenikweni kuliri poyerekeza ndi mtunda wochoka pa wojambula. Chisi chatenga masentimita 5 papepala lathu, theka la 10. Ndiye kuti wojambula anaima pa mtunda wowirikiza kawiri kutambalala kwa chilumbacho.

Mphunzitsi amene ali ndi mapu a boma a 1:50,000, pamene masentimita 2 amaimira kilomita imodzi, angathe kuchita izi ndi ana a sukulu pathebulo. Ayese chilumbacho kuchokera kumpoto mpaka kumwera, awirikize kawiri, atsegule kampasi kufika muyeso umenewo, nalembe uta kuchokera pakati pa chilumba kudutsa kumadzulo. Malo ofunidwa ali penapake pafupi ndi utawo. Kwa amene alibe mapu ilipo njira ya m'thengo. Munthu akatambasula mkono, dzanja lake limakhala pafupifupi masentimita 60 kuchokera ku diso, ndipo theka la 60 ndi 30, amene ndi rula ya kusukulu yathunthu. Ayende tsono, atatsinzina diso limodzi, kufikira pamene rula yogwiridwa chopingasa iphimba chilumba chonse, osatsala ndi osapitirira.

Titaima pa dooko la Kachulu, chilumba chinasefukira rula mbali zonse ziwiri. Dzina limene nkhalamba ija inasunga kuyambira ubwana silinali lolakwika kwenikweni, popeza Kachulu ndilo dooko lalikulu limene dera lonselo limatchulidwa nalo, koma bamboyo sanaime pamenepo. Anaima patali ndithu kuposa apo.

Muyeso umenewu uli ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuwanena. Galasi la kamera lingakhale la masentimita 10 ndi theka, mkono wa wina ndi waufupi, ndipo chithunzi chimene chinakulitsidwa kapena kudulidwa m'mbali chimaononga chiwerengero chonse. Chithunzithunzi nachonso sichiloza ndendende, chifukwa mu Juni ola limodzi lokha lisanakwane kapena litapitirira pakati pa usana chimakhala chitakhota madigiri oposa 20. Zonsezi zikaphatikizidwa, chimene tili nacho si kadontho ayi, koma chigawo cha gombe chotalika makilomita angapo. Chochepetsa chigawocho ndi maonekedwe a msana wa phiri. Tinalemba mzere wa msanawo pa pepala lopyapyala, nitiyenda nawo motsata gombe. Nsonga za phiri zimabisana ndi kupatukana munthu akamasuntha, monga achitira anthu awiri oima wina kutsogolo kwa mnzake, ndipo pali kadera kamodzi kokha pamene mzere wa papepala ndi wa phiri zimagwirizana. Zimene sitinazidalire mpang'ono pomwe ndi m'mphepete mwa madzi, njedza ndi mitengo. Nyanjayi inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, inatsala pang'ono kutheratu mu 2018, ndipo zaka zina imasefukira mpaka m'minda. Gombe la lero si gombe la nthawi imeneyo.

Kuphwa komweko kunatithandiza pa chaka. Mwana wa m'chithunzi akuoneka wa zaka zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu, zimene zikutifikitsa ku 1967 kapena 1968, nthawi imene madzi anali kuthawa. Dothi long'ambika kwambiri mu Juni, mvula itangotha kumene, ndi bwato losiyidwa pouma, zikugwirizana ndi zaka zimenezo. Pakati pa zaka ziwirizo chithunzi sichingasankhe.

Ntchito yotsala inali ya pakamwa, ndipo nayonso ili ndi mwambo wake. Mlendo ayambe waonekera kwa anyakwawa, ndipo poonetsa chithunzi kwa akuluakulu asatsogoze dzina. Mukafunsa kuti, "Agogo, kodi apa si pakutipakuti?" adzavomera mwaulemu kuti musachite manyazi. Funso labwino ndi lakuti, "Agogo, apa mukuona ngati ndi pati?" ndipo lifunsidwe kwa anthu atatu kapena anayi, aliyense payekha. M'kadera kamene mizere inagwirizana, amuna awiri okalamba, ofunsidwa masiku osiyana, anatchula dooko limodzi lakale limene tsopano ndi munda wa mpunga. Nkhope ya bamboyo sanaizindikire. Anangonena kuti ogula nsomba a panjinga amene ankafika pa dookolo ankachokera m'midzi itatu ya kumtunda, natchula maina ake, ndipo banja lija layamba kufunsa m'mudzi woyamba.