Birimankhwe Kapena Kalilombe: Kutchula Dzina Poona Chithunzi

Mkonzi akalandira chithunzi cha nadzikambe asafulumire kulemba dzina pansi pake. Chithunzi chingathe kusokoneza mitundu iŵiri yopezeka m'Malaŵi: birimankhwe wamba, Chamaeleo dilepis, ndi kalilombe, Trioceros melleri.

Maonekedwe a khungu si umboni. Onse aŵiri amakhala obiriŵira akadekha, koma amada akazizidwa kapena akaopsezedwa, ndipo amatuwa akagona usiku. Chithunzi chimangoonetsa kamphindi kamodzi mwa kusintha konseku.

Kagwiridwe ka nthambi nakonso kamabisa zizindikiro. Nyamayi ikaona munthu imazembera kuseri kwa nthambi, mimba itakhudza mtengo. Motero mzere woyera umene uli kumimba kwa birimankhwe suoneka. Mchira ukakulunga nthambi, utali sudziŵikanso, chonsecho kalilombe amafika masentimita 60 pamene birimankhwe amalekezera cha pa 35.

Nchifukwa chake mkonzi ayang'ane zimene sizisintha. Kalilombe ali ndi kanyanga pamphuno ndi msana wa mapirimapiri. Birimankhwe alibe zimenezi. Ngati mutu ndi msana sizikuoneka chammbali, nkwabwino kungolemba kuti nadzikambe, osatchula mtundu wake.